Tikumane nthawi yanji? Wotchi ya Lilongwe si ya Leeds

Komiti ya ukwati masiku ano imakumana pa WhatsApp. Muli anzake a mkwati a ku ofesi ku Lilongwe, azakhali ali ku Joni, achimwene ali ku Leeds ku Britain, achemwali ali ku South Bend ku America. Wapampando akangolemba kuti "tikumane 7 koloko madzulo", ena amafika zokambirana zitatha.

Azakhali a ku Joni sasowetsa mtendere, chifukwa Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa amayendera nthawi imodzi chaka chonse. Vuto lili kutsidya kwa nyanja, komwe amasuntha mawotchi kawiri pachaka. Ku Britain amawapititsa patsogolo ndi ola limodzi Lamulungu lomaliza la Malichi, n'kuwabweza Lamulungu lomaliza la Okutobala. Choncho mu Juni, ikamakwana 7 koloko madzulo ku Lilongwe, ku Leeds imakhala 6 koloko, koma mu Disembala imakhala 5 koloko, achimwene asanaweruke n'komwe. Ku South Bend nthawi yomweyo ndi 1 koloko masana mu Juni, 12 koloko mu Disembala. Pakati pa sabata, achemwali amakhala ali kalikiliki pantchito.

Pomwe ambiri amapunthwa ndi mu Malichi. Ku America amasuntha mawotchi Lamulungu lachiwiri la mweziwo, ku Britain asanatero, ndiye kwa masabata awiri kapena atatu kusiyana komwe munakuzolowera kumasokonekera. Munthu amene sajomba akayamba kuchedwa kapena kufulumira ndi ola lathunthu, musamuyese wamwano. Funsani kaye ngati kwawoko asintha nthawi.

Tsono bwanji m'komitimo mutakhalanso msuweni wa ku Perth, ku Australia, komwe ali patsogolo pathu ndi maola 6? Kwa iye 7 koloko yathu ija ndi 1 koloko usiku. Apa yambani ndi anthu awiri otalikirana kwambiri, wa ku Perth ndi wa ku South Bend, mupeze ola loti wina wadzuka kale pomwe mnzakeyo sanagone. Loweruka 3 koloko masana ku Lilongwe likukwanira bwino: mu Juni ku Leeds ndi 2 koloko masana, ku South Bend 9 koloko m'mawa, ku Perth 9 koloko usiku. A ku ofesi aja nawonso amakhala ali pakhomo. Ogwira mashifiti, monga anamwino, afunseni padera, poti kwa iwo Loweruka limatha kukhala tsiku lantchito.

Ine ndimaona kuti nthawi ya ku Malawi ndiyo yoyenera kukhala poyambira, popeza siisuntha. Mlembi alembe tsiku, deti ndi ola la kuno, kenako ola la mzinda uliwonse pambali pake. Mawu oti "mawa" asawagwiritse ntchito, chifukwa uthenga wolembedwa usiku ku Lilongwe, wa ku Perth amauwerenga kutacha kale.