Kusintha disiki kuchoka ku MBR kupita ku GPT, mafayilo ali momwemo

Kuyambira pa 14 Okutobala 2025, kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 mwa nthawi zonse, ndipo eni makompyuta ambiri anayamba kuyesa kusamukira ku Windows 11. Ena anadabwa kompyuta itawakanira ngakhale ili yamphamvu ndithu. Uthenga wa pa sikirini unkanena za Secure Boot, koma gwero la vutolo nthawi zambiri limakhala pansi penipeni, pa kalembedwe ka disiki. Windows 11 imafuna kompyuta yoyaka kudzera mu UEFI, ndipo Windows siyaka mu UEFI ngati disiki yake inalembedwa m'njira yakale ya MBR. Imafuna GPT.

Kwa zaka zambiri mankhwala ake anali owawa: kufufuta disiki yonse n'kuyambiranso. Lero zimatheka kusintha popanda kutaya fayilo ngakhale imodzi, ndipo chifukwa chake chimamveka munthu akadziwa chimene chikusinthidwa.

Disiki imagawidwa m'zigawo, monga C: ndi D:, ndipo penapake payenera kulembedwa kuti chigawo chilichonse chayambira pati n'kuthera pati. MBR ndi GPT ndi njira ziwiri zolembera zimenezi. Zili ngati kaundula wa mapuloti ku ofesi ya mzinda: mayina ndi malire atha kukopedwa kuchoka m'buku lakale kupita m'buku latsopano, nyumba zili chiimire pamalo pake. Ngozi imabwera pokhapokha wokoperayo akalakwitsa malire, kapena akataya buku lakale latsopano lisanathe.

MBR inayamba mu 1983 pa makompyuta a IBM. Yonse imakhala m'sekita yoyamba ya disiki, ya mabaiti 512, ndipo mabaiti 64 okha ndiwo amasunga mndandanda wa zigawo. Chigawo chimodzi chimadya mabaiti 16, choncho malo alipo a zigawo zazikulu zinayi basi. Nambala zake sizitha kuwerenga kupyola 2 TB pa disiki wamba, moti wogula disiki ya 4 TB n'kuisiya pa MBR amapeza kuti pafupifupi theka lake silikugwiritsidwa ntchito. GPT, imene inachokera ku ntchito ya Intel chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, imalola zigawo 128 pa Windows, ndipo imasunga mndandanda wake kawiri, kumayambiriro ndi kumapeto kwa disiki, kuti wina ukawonongeka wina upulumutse.

Msampha woyamba uli mu Windows momwemo. Mu Disk Management muli mawu akuti Convert to GPT Disk, koma sadinika mpaka zigawo zonse zitachotsedwa. Malangizo ena amati munthu alembe `clean` mu `diskpart`, ndipo lamulo limeneli limafafaniza mndandanda wa zigawo nthawi yomweyo, osafunsa kawiri. Njira ziwirizi ndi za disiki yopanda kanthu. Ya disiki yokhala ndi Windows ndi mafayilo ndi pulogalamu yaing'ono yotchedwa `mbr2gpt`, imene yakhala ikubwera ndi Windows 10 kuyambira mtundu wa 1703 wa mu 2017.

Tiyerekeze kompyuta ya mu ofesi yaing'ono, yogulidwa yogwiritsidwa kale ntchito, ya disiki ya 500 GB. Mwini wake amayamba ndi kufufuza, osati kusintha. Akalemba `msinfo32` n'kuyang'ana mzere wa BIOS Mode, amaona Legacy, kutanthauza kuti kompyuta ikuyaka m'njira yakale. Pa tsamba lomwelo, mzere wa System Type uyenera kunena x64, chifukwa Windows ya 32-bit siyaka pa UEFI ya makompyuta ambiri. Kenako amazimitsa, n'kulowa m'makonzedwe a BIOS podina F2, F10 kapena Del kompyuta ikamayaka, kuti aone ndi maso ake ngati mulidi chosankha cha UEFI. Sitepe imeneyi siyodumpha. `mbr2gpt` ilibe njira yobwerera m'mbuyo, ndipo kompyuta yakale kwambiri yosadziwa UEFI siyatsanso Windows disiki ikasinthidwa.

Chotsatira ndi kukopera mafayilo onse ofunika pa disiki ina yakunja, n'kutsegulako angapo kuti atsimikize kuti akopedwa bwino. Pulogalamuyi sikhudza mafayilo, koma imalemba pamalo pamene disiki yonse imadalira, ndipo magetsi akazima pakati pa ntchitoyo zinthu zitha kusokonekera. Laputopu ikhale ndi batire lodzaza, kompyuta ya patebulo ilumikizidwe ku UPS. Ngati disiki inatsekedwa ndi BitLocker, mwini wake alembe pambali kiyi ya manambala 48, ndipo aimitse kaye chitetezocho podina Suspend protection.

Tsopano amatsegula Command Prompt ngati woyang'anira kompyuta, n'kufunsa pulogalamu ngati disikiyo ikuyenera. Nambala ya disiki amaiona mu Disk Management; kawirikawiri imakhala 0.

```
mbr2gpt /validate /disk:0 /allowFullOS
```

Lamuloli silisintha kalikonse, limangoyeza. Mawu a `/allowFullOS` amalola kuti ligwire ntchito Windows ili yoyaka. Pa kompyuta ya mu ofesi ija yankho likubwera lokhumudwitsa: `Disk layout validation failed for disk 0`.

Uthengawu sunena chimene chalakwika, koma zifukwa zake n'zowerengeka. `mbr2gpt` imafuna kuti zigawo zazikulu zisapitirire zitatu, popeza iyenera kuwonjezera china chake chatsopano pomwe disiki ikadali pa MBR ya malo anayi. Imakananso disiki yokhala ndi chigawo chamtundu wa extended, chimene chimasunga tizigawo tina ta logical mkati mwake. Chinachitika n'chimenechi pa kompyuta ija. Windows inali ndi zigawo zitatu kale: System Reserved, C: ndi Recovery. Amene anaigulitsa atadula C: kuti apange D: ya mafayilo, Disk Management inapanga chigawo chachinayicho kukhala extended yokha, osanena kanthu. Chimadziwika ndi mpanda wobiriwira wozungulira D: ndi mawu akuti Logical Drive.

Njira yotetezeka ndi yapang'onopang'ono. Zonse za mu D: zimakopedwa pa disiki yakunja, n'kuyerekezera chiwerengero cha mafayilo ndi kukula kwake mbali zonse ziwiri. Zikafanana, D: imachotsedwa, kenako chigawo cha extended chotsalacho, mpaka malowo atalembedwa Unallocated. Ena amathamangira kuchotsa System Reserved poiona yaing'ono ndi yopanda chilembo, koma mmenemo ndi mmene muli mafayilo oyatsira Windows. Kuyezanso kukachitika, yankho limakhala `Validation completed successfully`, ndipo lamulo lenileni limatsatira.

```
mbr2gpt /convert /disk:0 /allowFullOS
```

Ntchito yonse imatha m'kanthawi kochepa, nthawi zambiri yosakwana mphindi imodzi kapena ziwiri, chifukwa palibe mafayilo amene akusamutsidwa. Pulogalamu imapeza malo a 100 MB, kawirikawiri pochepetsa C: pang'ono, n'kupanga chigawo chatsopano cha EFI chimene UEFI imawerenga poyatsa kompyuta. Imaikamo mafayilo oyatsira, kenako imalemba mndandanda wa GPT wokhala ndi malire omwewo a zigawo zakale. Mndandandawu umakwana m'mipata yaing'ono, ya 16 KB ndi pang'ono, imene Windows imasiya kumayambiriro ndi kumapeto kwa disiki. Pomaliza imabwezera zilembo za zigawo monga zinalili ndi kulemba `Conversion completed successfully`.

Apa ndi pamene mitima ya ambiri imagunda. Kompyuta ikayatsidwanso, nthawi zina imangoonetsa sikirini yakuda ndi uthenga wonena kuti palibe disiki yoyatsira, ndipo mwini wake amaganiza kuti zonse zapita. Mafayilo amakhala ali bwinobwino. BIOS ikufunabe kuyatsa m'njira yakale pa disiki imene yasintha kale. Munthu amalowanso m'makonzedwe aja, n'kusintha Boot Mode kuchoka pa Legacy kapena CSM kupita pa UEFI, n'kuika Windows Boot Manager pamwamba pa mndandanda wa zoyatsira. Akasunga n'kuyatsanso, Windows imabwera ndi chithunzi chake chomwe chija, mapulogalamu ndi mafayilo ali m'malo mwake.

Kutsimikiza n'kosavuta. `msinfo32` tsopano imaonetsa UEFI pa BIOS Mode, ndipo lamulo la `Get-Disk` mu PowerShell limaonetsa GPT pa Partition Style. Malo a Unallocated aja amapangidwanso D:, nthawi ino popanda mpanda wobiriwira, ndipo mafayilo amabwezedwa kuchoka pa disiki yakunja. Secure Boot imayatsidwa pambuyo poti Windows yayaka bwino kamodzi mu UEFI, kuti pakabuka vuto zidziwike kuti lachokera pa kusintha kuti. BitLocker imayambitsidwanso pomalizira.

Pali zolakwika zina ziwiri zofala. Uthenga wa `Cannot find OS partition(s) for disk 0` umatanthauza kuti zolemba zoyatsira sizikuloza bwino kumene kuli Windows, zimene zimachitika kwambiri pa disiki yokopedwa kuchoka ku ina, kapena pa kompyuta ya madisiki awiri imene mafayilo oyatsira ali pa imodzi, Windows ili pa inzake. Winanso ndi wonena za `ReAgent.xml`, umene umabwera kusintha kutatha bwino. Umenewu umakhudza zida zokonzera Windows ikawonongeka, ndipo umathetsedwa polemba `reagentc /disable` kenako `reagentc /enable`. Tsatanetsatane wa chilichonse chimene chalephera amalembedwa m'mafayilo a `setupact.log` ndi `setuperr.log` m'foda ya Windows, ndipo wokonza makompyuta waluso amayambira kuwerenga mmenemo asanayese china.

Malire ake ayeneranso kudziwika. `mbr2gpt` inapangidwira disiki yokhala ndi Windows basi. Disiki yongosungira mafayilo imaikana. Ya mtundu umenewu imasinthidwa ndi pulogalamu ya `gdisk`, yolembedwa ndi Roderick Smith, yodziwika kwambiri pa Linux. Ikatsegula disiki ya MBR imakonza mndandanda wa GPT m'chikumbumtima cha kompyuta mokha, ndipo pa disiki sipalembedwa kanthu mpaka munthu atadina `w`. Akadina `q` amatuluka zinthu zili monga zinalili. Nayo imafuna mpata wa masekita 33 kumapeto kwa disiki, ndipo imachenjeza ngati chigawo chomaliza chafika mpaka kumphepete.

Kusintha kupita ku GPT sikutsegula khomo la Windows 11 pakokha. Pamafunikanso TPM 2.0 ndi purosesa yovomerezeka, imene kwa Intel ndi ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kapena yatsopano kuposa apo, kupatula zochepa chabe. Makompyuta ambiri akale ogulitsidwa m'mashopu a ku Limbe kapena ku Lilongwe safika pamenepo. Pulogalamu ya PC Health Check ya Microsoft imaonetsa zimene zikusowa, ndipo ndi bwino kuiyendetsa disiki isanakhudzidwe: ngati chatchinga ndi purosesa, ndipo disikiyo ndi yosapitirira 2 TB, kompyutayo ingakhale pa MBR popanda kutaya kanthu.