Ndalama Zoitanira Ogula: Njira Zitatu Zoziwerengera

Ambiri mwa ife timadziwa mtengo wa anapiye, chakudya ndi katemera mpaka pa ngwee yomaliza, koma tikafunsidwa ndalama zimene tapatula kuti ogula adziwe za nkhuku zathu, timasowa chonena. Pali njira zitatu zodziwika zowerengera ndalama zimenezi. Tiziyese zonse pa khola limodzi. Mitengo imene tiike pano ndi yongoyerekeza. Aliyense aikepo ya kwawo.

Tinene kuti mlimi wagula anapiye 200 a nkhuku za nyama, ndipo nkhuku 190 zakula bwino. Akagulitsa iliyonse pa K120, apeza K22,800.

Njira yoyamba ndiyo kutapa gawo pa zogulitsa. Mlimi amati, pa K100 iliyonse imene ndagulitsa, K3 ipite ku kulengeza malonda. Pa K22,800 ndiye kuti K684. Kuwerengera kwake nkosavuta, ndipo munthu saononga zimene alibe. Vuto lake nlakuti imatembenuza zinthu: malonda ndiwo amalamula kulengeza, pamene kulengeza ndiko kuyenera kubweretsa malonda. Ngati ulendo wapitawo nkhuku zinangobweretsa K15,000 chifukwa ogula anachepa, njira iyi ipereka K450 yokha, pa nthawi imene mlimi afunika kuitana ogula koposa. Komanso amene akuyamba kumene alibe zogulitsa zakale zoti atapepo.

Njira yachiwiri ndiyo kulingana ndi opikisana nawo. Mlimi wamva kuti mnzake wa tsidya lija walipira K1,500 pa wailesi ya m'dera, ndipo nayenso afuna kutero kuti dzina lake lisazimirire. Nzoona kuti njirayi imatitsegula maso kuona zimene zikuchitika pamsika. Koma mnzakeyo mwina ali ndi nkhuku 1,000, kotero kuti nkhuku iliyonse yasenza K1.50 basi. Kwa wa nkhuku 190, ndalama yomweyo ifika pafupifupi K8 pa nkhuku imodzi. Ndiponso sitidziwa ngati wailesiyo inamubweretseradi ogula. Tingakhale tikutsanzira kulakwa kwake.

Njira yachitatu ndiyo ya cholinga ndi ntchito. Apa sitiyambira pa ndalama. Tiyamba ndi kutchula chimene tikufuna, chowerengeka ndiponso chokhala ndi tsiku lake. Mlimi wathu akuti: nkhuku zonse 190 zituluke m'khola pasanathe masiku asanu ndi awiri zikakwanitsa masabata asanu ndi limodzi. Kenako alemba ntchito zimene zingafikitse pamenepo, iliyonse ndi mtengo wake. Maulendo awiri a ku tauni kukaonana ndi eni malesitilanti ndi malo ogona alendo, nkhuku zikadali ndi masabata anayi, adya K200. Nkhuku ziwiri zosonsola zokaonetsa kumeneko ndi K240. Chikwangwani cha pamsewu ndi K250, ndipo kuimba foni ndi kutumiza zithunzi pa WhatsApp ndi K150. Zonse pamodzi zikwana K840.

Kodi K840 njambiri? Yankho lili m'khola. Nkhuku ya msinkhu umenewu imadya pafupifupi magalamu 170 pa tsiku. Ngati nkhuku 100 zitsala sabata ina yathunthu, zidya makilogalamu 119, ndiwo matumba awiri a makilogalamu 50 ndi kupitirira. Thumba likakhala pa K600, mlimi wataya ndalama zoposa K1,400, ndipo ogula ambiri pamsika salipira zoonjezera chifukwa chakuti nkhuku yalemererako pang'ono. Choncho K840 imene yatulutsa nkhuku pa nthawi yake yadzibweza yokha.

Njira iyinso ili ndi pofooka pake. Imafuna nthawi ndi cholembera, ndipo mlimi angalakwitse poganiza kuti ntchito yakutiyakuti ibweretsa ogula. Mankhwala ake ndi funso limodzi kwa wogula aliyense: mwamva kuti za nkhuku zathu? Yankho lilembedwe m'buku la khola. Ngati pa ogula makumi awiri palibe amene watchula chikwangwani, ulendo wamawa K250 ija ipite kwina.

Ife timalangiza kuti njira yachitatu itsogole, ziwirizo zikhale zoyezera. Mukapeza K840, iyerekezeni ndi zogulitsa: ndi pafupifupi K4 pa K100 iliyonse, zimene khola laling'ono lingathe kusenza. Ikanafika K15 pa K100, tikanati cholinga chakula kuposa thumba, ndipo ntchito zina zichotsedwe. Kwa mnzanu wa tsidya lija, funsani kumene amapeza ogula, osati ndalama zimene amaononga. Ndipo zonsezi zilembedwe tsiku limene mukuitanitsa anapiye, pakuti nkhuku zikafika sabata lachisanu ndi chimodzi, tsiku lililonse lofunafuna wogula limalipiridwa ndi thumba la chakudya.