Kuwerengera ngongole ya mapointi poyesa kukweza CGPA

Wophunzira wochokera ku Bembeke, ku Linthipe kapena ku Mayani amene wasankhidwa kupita ku Bunda, ku Zomba kapena ku Mzuzu amafika ku yunivesite atazolowera kawerengedwe ka mayeso a MSCE, komwe pointi 1 ndiyo yapamwamba, 9 ndi kulephera, ndipo wopeza mapointi 6 pa maphunziro asanu ndi amodzi ndiye katswiri. Ku yunivesite kumene amagwiritsa ntchito GPA, nambala yaikulu ndiyo yabwino, ndipo zotsatira za semesita iliyonse zimalowa mu nambala imodzi yotchedwa CGPA, imene imamutsata wophunzira mpaka atamaliza digiri. Mabungwe ambiri opereka sikolashipu amaika malire pa nambala imeneyi, kotero kuti wophunzira amene makolo ake amadalira mbatata ya kachewere ndi nyemba kuti apeze fizi ayenera kudziwa bwino lomwe ngati malirewo angathe kuwafika, ndiponso kuti angawafike pa mtengo wotani.

Kosi iliyonse imakhala ndi makirediti, amene ndi muyeso wa kulemera kwake molingana ndi maola ophunzirira, ndipo giredi imene wophunzira wapeza imasandulizidwa kukhala mapointi. Yunivesite iliyonse imasindikiza tebulo lake m'buku la malamulo a mayeso, ndipo ena ali ndi magiredi apakati monga B+, koma pano pagwiritsidwa ntchito muyeso wosavuta umene A ndi 4, B ndi 3, C ndi 2 ndipo D ndi 1. Mapointi a giredi amachulukitsidwa ndi makirediti a kosiyo, zotsatira za makosi onse zimaphatikizidwa, kenaka zimagawidwa ndi makirediti onse. Kuwerengera kumeneku kukachitika pa semesita imodzi kumapereka GPA, ndipo kukachitika pa masemesita onse kuyambira chaka choyamba kumapereka CGPA.

Mwachitsanzo, wophunzira wa digiri ya zaka zinayi wamaliza masemesita 4 mwa 8, ndipo semesita iliyonse amatenga makosi 6 a makirediti 3, kutanthauza makirediti 18 pa semesita ndi 72 pa zaka ziwiri. CGPA yake ndi 2.70, pamene sikolashipu imene akuifuna ikufuna 3.00. Kusiyana kwa 0.30 kumaoneka kochepa, ndipo ambiri amaganiza kuti semesita imodzi yabwino ingathe kukonza zonse, koma kusiyanako kuyenera kuchulukitsidwa ndi makirediti onse amene wadutsa kale: 0.30 × 72 = 21.6. Imeneyi ndiyo ngongole ya mapointi imene ali nayo, ndipo dongosolo lonse la masemesita otsala liyenera kumangidwa pa nambala imeneyi.

Mfundo imene imapweteka kwambiri ndi yakuti B sabweza ngongoleyo ngakhale pang'ono, chifukwa mapointi ake ndi 3, ofanana ndi malire omwewo. Wophunzira amene wapeza B m'makosi onse kwa zaka ziwiri zotsala adzakweza CGPA yake kufika pa 2.85 yokha, ndipo sangafike pa 3.00 ngakhale ataphunzira zaka zingati. Wobweza ngongole ndi A yekha, amene pa kosi ya makirediti 3 amabweza mapointi 3, pamene C amawonjezera ngongole ya mapointi 3 ndipo D amawonjezera 6. Kuti mapointi 21.6 athe pakufunika ma A 8, popanda C ngakhale mmodzi, ndipo C aliyense amene wabwera amafuna A wina woti amufafanize.

Funso lotsatira, limene ambiri amaliiwala, ndi lakuti opereka sikolashipu adzayang'ana chikalata cha zotsatira pa nthawi iti. Ngati thandizolo ndi la digiri yachiwiri ndipo adzayang'ana zotsatira za zaka zonse zinayi, wophunzirayo ali ndi masemesita 4, ndipo ma A 8 aja amagawika kukhala awiri pa semesita. Ma A awiri ndi ma B anayi amapereka GPA ya 3.33, imene ikupitirira pang'ono 3.30 yofunikayo, ndipo imeneyi ndi ntchito yotheka kwa munthu amene wasintha kaphunziridwe kake. Koma ngati thandizolo ndi lolipirira chaka chomaliza, chikalata chidzafunika pakutha pa chaka chachitatu, masemesita otsala ndi 2 okha, ndipo ngongole yomweyo ikufuna ma A anayi ndi ma B awiri pa semesita iliyonse, chifukwa GPA yofunika yakwera kufika pa 3.60. Kwa munthu amene wakhala akupeza 2.70, kudumpha kotereku n'kwakukulu, ndipo ndi bwino kuti adziwe zimenezi msanga kuti afunefune njira zina, monga ngongole ya boma imene imaperekedwa kudzera ku bungwe la HESLGB, m'malo moika chiyembekezo chonse pa khomo limodzi.

Kuchedwa nakonso kuli ndi mtengo wake wowerengeka. Wophunzira yemweyo akapitiriza ndi 2.70 mpaka kumapeto kwa semesita ya 6, ngongole imakula kufika pa 0.30 × 108 = 32.4, pamene makirediti otsala ndi 36, ndipo GPA yofunika imakhala 3.90, kutanthauza ma A 11 pa makosi 12. Akafika kumapeto kwa semesita ya 7 zinthu zili chimodzimodzi, ngongole ndi 37.8, koma makosi 6 otsalawo, ngakhale onse atakhala A, angabweze mapointi 18 okha. Chizindikiro chakuti malire sangafikidwenso ndi chimenechi: ngongole ikaposa makirediti otsala, pa muyeso umenewu palibe khama limene lingathandize.

Popanga dongosolo, wophunzira ayenera kuyamba ndi makosi amene angamugwetsere pa C, osati amene akuyembekezera A, chifukwa kukweza C kukhala B kumapulumutsa mapointi 3 ofanana ndi amene kukweza B kukhala A kumabweretsa, ndipo nthawi zambiri kumafuna khama locheperapo. Makosi olemera, monga kafukufuku wa chaka chomaliza amene m'madigiri ambiri amakhala ndi makirediti ochuluka kuposa kosi wamba, ayenera kupatsidwa nthawi molingana ndi kulemera kwawo, popeza A pa makirediti 6 amabweza mapointi 6. Malikisi a ntchito za m'kati mwa semesita amathandiza kudziwa msanga kumene zinthu zikulowera: ngati ntchitozo zili ndi gawo la 40 pa 100 ndipo wophunzira wapeza 22, A wofuna malikisi 75 amafuna 53 pa 60 pa mayeso omaliza, ndipo nzeru ndi kuteteza B pa kosiyo ndi kufunafuna A kwina.

Pali zinthu zitatu zimene ziyenera kufunsidwa ku ofesi ya rejisitala dongosolo lisanakhazikike. Choyamba ndi lamulo la mayeso a sapulimentale ndi kubwereza kosi, chifukwa mayunivesite ena amalemba giredi yongodutsira ngakhale munthu atakhoza bwino, ena amafafaniza giredi yakale, ndipo ena amawerengera zonse ziwiri. Chachiwiri ndi chakuti ntchito ya atachimenti imalowa mu CGPA kapena imangolembedwa kuti wakhoza, pakuti makirediti opanda mapointi sabweza ngongole. Chachitatu ndi chakuti zaka zonse zimalemera mofanana kapena zaka zomaliza zimapatsidwa kulemera kwapadera, chifukwa pamenepo kuwerengera konse kumasintha. Kwa opereka sikolashipu kuyenera kufunsidwanso ngati 2.996, imene ma A 7 angapereke, amaiwerenga ngati 3.00, ndipo ngati yankho silinalembedwe paliponse, wophunzira wa chitsanzochi awerengere ma A 8 m'malo mwa 7.