Bowa wa oyisitala: kusankha, kuphika ndi kulima pa mapesi a mpunga

Mvula ikatha, utale, ndelema ndi manyame zimasowa pamsika, ndipo okonda bowa amayamba kudikira dzinja lina. Koma ulipo bowa wina amene sadikira mvula kapena chulu. Uyu ndi bowa wa oyisitala, amene mumamuona m'masitolo akuluakulu a m'tauni ali m'timapaketi, woyera kapena wotuwa, womera m'matsango, ndipo mwendo wake umakhala chakumbali osati pakati pa chipewa. Kutchire amamera pa mitengo yakufa, ndipo chakudya chake ndi zouma za zomera. N'chifukwa chake munthu angathe kumulima m'nyumba pa mapesi a mpunga, omwe m'madera ngati Karonga, Nkhotakota ndi kuchigwa cha nyanja ya Chilwa ambiri amangowatentha akamaliza kupuntha.

Anthu ambiri anamva kuti bowayu amalimidwa mu mdima. Izi n'zoona, koma pa gawo loyamba lokha la ulimiwu. Amene asunga matumba ake mu mdima mpaka kumapeto amakolola timiyendo titalitali topanda zipewa.

Kusankha wabwino

Mukafika pogula, yambani mwayang'ana m'mphepete mwa chipewa. Bowa wothyoledwa pa nthawi yake amakhala ndi m'mphepete mopindikira pansi pang'ono. Mukaona kuti mwatambasuka, mwatembenukira m'mwamba kapena mwayamba kung'ambika, dziwani kuti wakhwimitsa, ndipo mumphika akhala wolimba. Kenako mutembenuzeni muone timizere ta kunsi. Tiyenera kukhala toyera, touma, tosaphwanyika. Tikachita chikasu chodera kapena kunanda, bowayo wagonera.

Fungo lake likhale lofatsa, la bowa basi. Fungo lowawasa kapena la nsomba yoola likutanthauza kuti wayamba kuwonongeka, ngakhale maonekedwe akadali abwino. Ngati ali m'paketi ya pulasitiki, onani ngati pansi pake padikha madzi. Koma tiubweya toyera tomwe nthawi zina timaoneka patsinde pa tsango tisakuopseni, ndi ulusi wa bowa yemweyo ndipo tilibe vuto.

Bowayu sachedwa kuwonongeka. Popanda fuliji muphikeni tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Mu fuliji amakhala masiku angapo akaikidwa m'thumba la pepala. Akachuluka, mung'ambeni n'kumuyanika pathandala padzuwa mpaka azithyoka mukamupinda, kenako musunge m'chigubu chotseka bwino.

Kuphika

Amayi ambiri anazolowera kutsuka bowa wakutchire kangapo chifukwa cha mchenga, ndi kumuwiritsa nthawi yaitali. Wa oyisitala sakhudza dothi, choncho kumupukuta ndi kansalu koyera kapena kumutsukuluza mwachangu n'kokwanira. Mukamuviika amamwa madzi ambiri ndipo ndiwo zimasukuluka. Dulani tsinde lolimba pomwe tsango linagwirana, kenako ng'ambani zipewa ndi manja motsatira timizere take.

Chinsinsi chake chili pa moto. Tenthetsani chiwaya kaye, muikemo bowa wongokwanira kuphimba pansi, osaunjika. Atulutsa madzi ake, ndipo muwasiye aphwe. Madziwo akatha ndi pomwe muthire mafuta pang'ono n'kumusiya osatakasa kawirikawiri mpaka m'mbali mufiire. Apo ikani anyezi, kenako tomato ndi mchere, ziphikike kwa mphindi zochepa. Mukaika tomato poyambirira, bowa amangowira m'madzi ndipo sapeza kununkhira kwa chokazinga. Wofuna wotendera asungunule nsinjiro m'madzi pang'ono, athire tomato atapsa, achepetse moto ndi kumatakasa kuti zisapserere. Soda kapena chidulo sizifunika chifukwa bowayu ndi wofewa kale. Chofunika n'chakuti apse bwino, asadyedwe wamuwisi.

Mbewu ndi mapesi

Ulimi wake umayambira pa mbewu. Mbewu ya bowa ndi njere za mapira kapena tirigu zomwe zaphikidwa n'kuyangidwa ndi ulusi woyera wa bowa, ndipo imagulitsidwa m'mabotolo kapena m'timatumba. Kuipanga kumafuna chipinda cha ukhondo wapadera, choncho woyamba kumene agule basi. Kuno kwathu ntchito yofufuza za bowa ndi kupanga mbewu yakhala ikuchitika m'malo ngati ku Bunda ndi ku Bvumbwe, ndipo alangizi a zaulimi angakulondolereni komwe ikupezeka. Mbewu yabwino imakhala yoyera botolo lonse ndipo imanunkhira bowa. Ikakhala ndi madontho obiriwira kapena akuda, kapena njere zikaoneka zonyowa ndi kununkha chowawasa, isiyeni.

Titenge chitsanzo cha munthu amene ali ndi makilogalamu 10 a mapesi a mpunga ouma bwino, omwe sanavumbwepo ndi mvula. Awadule ndi chikwanje m'zidutswa zotalika ngati chala, pafupifupi masentimita 5, kuti athinane bwino m'thumba. Kenako awalonge m'ziguduli n'kuzimiza mumgolo wa madzi otentha pakati pa madigiri 65 ndi 80, kwa ola limodzi kapena awiri. Wopanda choyezera aone kuti madzi akufuka nthunzi kwambiri koma sakubwadamuka. Cholinga ndi kupha chuku ndi tizilombo tomwe tingalimbirane chakudya ndi bowa.

Akavuula, apachike zigudulizo kuti madzi akhe, kenako ayale mapesiwo pa pepala la pulasitiki lotsuka bwino mpaka azizire. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Mapesi akadali otentha amapha mbewu, ndipo onyowa kwambiri amaola. Kuyesa kwake n'kophweka: tapani odzaza dzanja n'kufinya mwamphamvu. Pakatuluka dontho limodzi kapena awiri, ali bwino. Madzi akachucha, adikire kaye. Makilogalamu 10 aja akamwa madzi amafika pakati pa 25 ndi 30, zomwe zimadzaza matumba a pulasitiki oonekera mkati pafupifupi khumi, lililonse la makilogalamu atatu.

Pobzala, sambani m'manja ndi sopo, pukutani ndi sipiliti, ndipo gwirirani ntchitoyi pamalo opanda mphepo ndi fumbi. Thumba lililonse limafuna magalamu 100 mpaka 150 a mbewu, kutanthauza kilogalamu imodzi kapena imodzi ndi theka pa matumba onse. Ikani mapesi pang'ono, wazani mbewu makamaka m'mbali, tsindirani, onjezani mapesi ena, mpaka thumba lidzaze. Mangani kukamwa, ndipo boolani timabowo ting'onoting'ono kuzungulira thumba ndi singano yoyera kuti ulusi uzipuma, ndi tina pansi kuti madzi otsala azituluka.

Masabata a mdima

Tsopano matumba alowe m'chipinda cha mdima, pa mashelefu kapena opachikidwa ndi zingwe kuti makoswe ndi chiswe zisawafike. Nyumba ya udzu kapena ya zidina yofolera ndi udzu imachita bwino kuposa ya malata, chifukwa siitentha kwambiri masana. Kutentha koyenera ndi madigiri 24 mpaka 28. Kumbukirani kuti ulusi ukamakula umatulutsa kutentha kwakekwake, choncho matumba asagundane, makamaka m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi ulusi umayenda pang'onopang'ono, koma umafika.

Pa gawo limeneli simuthirira. Ntchito yanu ndi kuyang'ana. Pakapita masiku ochepa mudzaona kuyera kukuyamba pa njere iliyonse n'kumafalikira m'mapesi. Pakatha masabata awiri mpaka anayi thumba lonse limayera mbee ndipo limalimba mukaligwira. Mdima umathandiza kuti bowa asafulumire kutuluka asanamalize kudya mapesi onse.

Mdani wamkulu ndi chuku chobiriwira. Chimayamba choyera, kenako chimasanduka chobiriwira, ndipo chikafika pamenepo chayamba kale kuwaza fumbi lake. Thumba lotero litulutseni osalitsegula, mukalikwirire kutali ndi nyumba ya bowa. Matumba ambiri akagwidwa nthawi imodzi, vuto limakhala kuti mapesi sanatenthedwe mokwanira, mbewu inali yodwala kapena manja ndi malo obzalira sanali oyera. Thumba likamanunkha chowawasa ndipo pansi pake pali madzi ofiirira, ndiye kuti mapesi anali onyowa kwambiri.

Kuwala, mpweya ndi chinyezi

Thumba likayera lonse, nthawi ya mdima yatha. Chekani thumbalo ndi lezala loyera malo anayi kapena asanu ndi limodzi, mabala aafupi, ndipo sinthani zinthu zitatu m'chipindamo. Choyamba ndi kuwala: kukhale kongokwanira kuti munthu awerenge nyuzipepala, koma dzuwa lisawombe matumba. Chachiwiri ndi mpweya: tsegulani mazenera awiri oyang'anana, otchingidwa ndi neti kuti tintchentche tisalowe, chifukwa mphutsi zake zimaboola bowa. Chachitatu ndi chinyezi: thirani madzi pansi, pachikani ziguduli zonyowa m'makoma, ndipo wazani madzi oyera mumpweya kawiri kapena katatu patsiku malinga ndi nyengo.

Pakatha sabata imodzi kapena kupitirirapo pang'ono, pa mabala aja pamatuluka timitu ting'onoting'ono tothinana, ndipo m'masiku anayi mpaka asanu ndi limodzi timasanduka tsango lokolola. Bowa mwini amaonetsa chomwe chikusowa. Miyendo ikatalika koma zipewa n'kukhala zazing'ono, mpweya wabwino ukuchepa kapena m'chipinda mukadali mdima. Timitu tikauma n'kufiira tisanakule, kapena zipewa zikamang'ambika, chinyezi chachepa. Bowa akamachita chikasu n'kumaterera, mwamuthira madzi ochuluka pathupi pake. Vuto ndi lakuti kutsegula mazenera kumaumitsa chipinda, pomwe kutseka kumatsekereza mpweya, choncho mlimi ayenera kumalowamo m'mawa ndi madzulo kuti aone mbali yomwe yapendekera.

Kololani m'mphepete mwa zipewa musanatambasuke. Gwirani tsango lonse patsinde, lipotoleni n'kulizula, ndipo chotsani zotsalira pabalapo kuti zisaole. Mukachedwa, bowa amayamba kutulutsa fumbi loyera lambiri lomwe limatsokomoletsa, ndipo kulipuma kawirikawiri kumatha kudwalitsa chifuwa. Amene amagwira ntchito m'chipindamo tsiku ndi tsiku azivala chotchinga pamphuno ndi pakamwa.

Thumba limodzi limabereka kawiri kapena katatu, motalikirana sabata imodzi kapena awiri, ndipo kukolola koyamba ndiye kumakhala kochuluka. Zinthu zikayenda bwino, makilogalamu 10 a mapesi ouma aja angapereke makilogalamu 5 mpaka 8 a bowa wamuwisi. Mapesi otsala m'matumba ndi manyowa abwino a kudimba.

Kwa inu amene mukufuna kuyesa, yambani ndi matumba khumi okha, ndipo lembani tsiku lobzala pa thumba lililonse. Pezaninso ogula bowa asanatuluke, chifukwa akathyoledwa sakupatsani masiku oyendayenda kufunafuna msika.