Mowa wa Uchi Sufuna Changu

Ku Ethiopia amautcha tej, ndipo amaonjezamo timitengo towawa ta gesho. Koma wophwekawo umangofuna uchi, madzi ndi yisiti. Tiyeni titenge botolo lagalasi la malita 5.

Sungunulani makilogalamu 1.5 a uchi m'madzi ofunda amene anawiritsidwa kale, nkuonjezera madzi ena otero mpaka botolo litatsala pang'ono kudzaza. Uchiwo musauwiritse, chifukwa fungo la maluwa limapita ndi nthunzi. Madzi akazizira, thiranimo yisiti ya vinyo. Ya buledi imagwiranso ntchito, koma imasiya kafungo kake ndipo mowawo umachedwa kuyera. Uchi ulibe zakudya zokwanira zoti yisiti ikule bwino, choncho wiritsani kasupuni ka yisiti ya buledi, ife, nkuthiramonso kuti yamoyoyo idye.

Nkhani yaikulu yagona pa chivundikiro. Yisiti ikamadya shuga imatulutsa mpweya umene ungaphulitse botolo lotsekedwa ndithu, pomwe mpweya wakunja ndi tintchentche zikalowa, mowa umasanduka viniga. Boolani chivundikirocho, lowetsanipo kapaipi kothina bwino, mbali inayo muiviike m'kapu ya madzi. Pakatha tsiku limodzi kapena awiri, muona madziwo akubwadamuka. Chilichonse chokhudza mowawo chikhale chotsukidwa ndi madzi otentha, ngakhale supuni yolawira.

Pakadutsa milungu inayi kapena isanu ndi umodzi, kubwadamuka kumaleka ndipo matsokwe amadikha pansi. Tsanulirani mosamala m'botolo lina loyera, lodzaza mpaka m'khosi, kapaipi kaja kali pomwepo. Ukatere umakhala waukali pakhosi, ndipo ambiri amautaya poganiza kuti waonongeka. Ine ndimati udikireni miyezi isanu ndi umodzi pamalo ozizira, amdima. Wotaya ndi umene wamera nkhungu yaubweya pamwamba.