Basili wa m'chitini amafuna kutsinidwa nsonga

Basili wodzalidwa m'chitini pakhonde amakonda kuthamangira m'mwamba: thunthu limodzi lowonda, masamba apatalipatali, kenaka maluwa kunsonga. Akayamba maluwa, mphamvu zake zimapita ku njere, masamba amachepa ndipo kakomedwe kake kamasintha.

Gwero la khalidweli ndi nsonga yeniyeniyo. Imatulutsa timadzi totchedwa okisini, timene timatsikira m'thunthu n'kugonetsa timaso ta m'munsi. Yang'anani pamene tsamba lalumikizana ndi thunthu, muona katsamba kakang'ono kali phee. Popeza masamba a basili amamera awiriawiri moyang'anana, timaso timeneti timakhalanso tiwiri pa mfundo iliyonse. Nsonga ikachoka, tonse tiwiri timadzuka n'kukhala nthambi. Alimi a fodya amazidziwa: ukadula nsonga, mphukira zimabuka. Iwo amazichotsa, koma ife n'zimene tikufuna.

Tinene kuti basili wanu wafika masentimita 30 ndipo ali ndi mfundo zisanu za masamba. Werengani kuchokera pansi mpaka mfundo yachitatu, ndipo tsinani ndi zikhadabo kapena sizasi yoyera pamwamba pake penipeni, kusiya kachitsa kosaposa theka la sentimita. Kachitsa kakatalika kamada n'kuuma, nthawi zina kuwola. Mukatsina motsika kwambiri mumavulaza timaso tija. Mukatero mwachotsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chomeracho, ndipo musapyole pamenepo. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri nthambi ziwiri zimaoneka. Iliyonse ikabala mfundo zitatu, itsineninso pamwamba pa mfundo yoyamba kapena yachiwiri. Ziwiri zija zisanduka zinayi, zinayi zisanduka zisanu ndi zitatu.

Ambiri amachita mosemphana. Amathyola masamba akuluakulu a m'munsi n'kusiya nsonga, poganiza kuti akuchitira chomeracho chifundo. Masamba amenewo ndiwo amachidyetsa, ndiye chimatsala ndi thunthu lopanda kanthu, chikumka chitalikabe. Musadulenso pa thunthu lokhwima lopanda tsamba, chifukwa pamenepo sipaphuka modalirika.

Maluwa akayamba kale, kubudula kangala kokha sikuthandiza. Ena amabwera msanga. Tsikani mfundo imodzi kapena ziwiri pansi pake. Nsonga zopanda maluwa musataye: zina zipite mumphika, zina m'kapu ya madzi, momwe zimamera mizu pakatha sabata ngati ziwiri.

Koma kutsina sikuchiritsa mthunzi. Nthambi zatsopano zikatulukanso zowonda, zotumbuluka ndi zopendekera kowala, vuto ndi dzuwa. Basili amafuna maola osachepera asanu ndi limodzi a dzuwa patsiku, choncho sunthani chitinicho musanatsinenso.