Chizindikiro chosaoneka chimene chimagwetsa sikiripiti

Munthu amalemba kapulogalamu ka mizere isanu pa kompyuta ya Windows, n'kukatumiza ku seva ya Linux. Palibe chilembo chimene chalakwika, ndipo aliyense woyang'ana pa sikirini angavomereze kuti zonse zili m'malo mwake. Koma akati akayendetse, seva ikukana, ikuti fayilo inayake palibe, chonsecho fayiloyo ilipo. Vuto lili kumapeto kwa mzere uliwonse, pamalo pamene diso silionapo kanthu.

Kompyuta sisunga mizere monga timaionera ife. Fayilo ya mawu ndi mndandanda umodzi wautali wa manambala, chilembo chilichonse ndi nambala yake. Mukadina batani loyambira mzere watsopano, nalonso limasiya nambala m'fayilomo, kungoti nambalayo ilibe chilembo chooneka. Apa mpamene Windows ndi Unix zinasiyana. Unix, pamodzi ndi Linux ndi makompyuta a Mac amasiku ano, imaika chizindikiro chimodzi chotchedwa LF, chomwe nambala yake ndi 10. Windows imaika ziwiri motsatizana: CR, nambala 13, kenako LF.

Amene anagwiritsapo taipilaita amadziwa kumene ziwirizi zinachokera. Ukafika kumapeto kwa mzere, pankafunika zinthu ziwiri: kubwerera kumanzere kumene mzere umayambira, ndi kukweza pepala kuti ulembe pamzere wotsatira. Makina otumizira mauthenga a m'zaka za m'ma 1960, amene ankalumikizidwanso ku makompyuta, ankalandira ntchito ziwirizi ngati malamulo awiri osiyana. CR inali yobwerera kumanzere, LF yotsikira pansi. Amene anapanga Unix ku Bell Labs kuyambira mu 1969 anatsata njira ya Multics, yoti m'fayilo muzikhala LF yokha, ndipo makina akafuna CR aziwonjezeredwa pa nthawi yosindikiza. MS-DOS, yomwe inatuluka mu 1981, inatengera CP/M n'kusunga zonse ziwiri, ndipo Windows inalandira mwambowo. Palibe wolakwa pa awiriwa. Mpaka lero makalata a imelo amayenda pa intaneti ndi CR ndi LF yomwe.

Tiyeni tione sikiripiti yeniyeni, yotchedwa `sunga.sh`. Ntchito yake ndi kupanga foda yosungiramo zinthu, kenako n'kunena kuti yatha.

```
#!/bin/bash

FODA=zosunga
mkdir $FODA
echo "$FODA yatha"
```

Mzere woyamba umauza Linux pulogalamu imene iwerenge sikiripitiyi. Linux imatenga zonse zimene zili pambuyo pa `#!` mpaka itapeza LF. Popeza fayilo yathu inasungidwa mwa njira ya Windows, CR yatsalira kutsogolo kwa LF, ndipo Linux siiona ngati mapeto a mzere. Kwa iyo ndi chilembo ngati china chilichonse. Choncho imapita kukafuna pulogalamu ya dzina loti `/bin/bash` lophatikizapo CR, ndipo pulogalamu ya dzina limenelo kulibe. Yankho limabwera motere:

```
bash: ./sunga.sh: /bin/bash^M: bad interpreter: No such file or directory
```

Kachizindikiro ka `^M` ndi CR ija itaonekera poyera, ndipo wokadziwa amazindikira vuto nthawi yomweyo. Chomvetsa chisoni n'chakuti mitundu yatsopano ya bash imangonena kuti `cannot execute: required file not found`, osatchula n'komwe fayilo imene yasowa. Munthu amayamba kufufuza ngati sikiripiti ili m'foda yoyenera, ngati ali ndi chilolezo choiyendetsa, ngati bash inaikidwa pa makinawo, ndipo zonsezo amazipeza zili bwinobwino.

Ambiri akatopa amayesa njira yachidule, kulemba `bash sunga.sh`. Apa mzere woyamba sugwiranso ntchito, popeza bash mwaiitana nokha, ndiye sikiripiti imayamba kuyenda. Ine ndimaona kuti pamenepa mpoopsa kuposa poyamba paja, chifukwa sikiripiti yokaniratu siwononga kanthu, koma yoyenda motsimphina imasiya zinthu zolakwika m'mbuyo. Mzere wachiwiri, umene ife timauona wopanda kanthu, uli ndi CR yokhayokha, ndipo bash imaiyesa lamulo n'kudandaula kuti `$'\r': command not found`. Sikiripiti siima, imapitirira.

Pamzere wachitatu palibe dandaulo lililonse, koma `FODA` yalandira mawu oti zosunga okhala ndi CR kumapeto. Mzere wachinayi umawonjezera CR yakeyake, ndiye foda imene yapangidwa ili ndi dzina la zilembo zisanu ndi ziwiri zooneka ndi ziwiri zosaoneka. Mawa wina akalemba `cd zosunga`, adzauzidwa kuti foda yotero kulibe, akuiona ndi maso ake. Sikiripiti ikanakhala yokopera mafayilo usiku uliwonse, bwenzi akulowa m'foda ya dzina lolakwikayo kwa miyezi popanda wodziwa.

Mzere womaliza umaonetsa CR ikugwira ntchito yake yakalekale. Sikirini imalemba zosunga, kenako imakumana ndi CR, n'kubwerera kumanzere osatsika. Mpata ndi mawu oti yatha, zonse pamodzi malo asanu ndi limodzi, zimalembedwa pamwamba pa zilembo zoyamba zija, ndipo chimatsala ndi chilembo chomaliza cha zosunga. Woyang'ana amaona mawu achilendo oti `yathaa`. Mukadzaona uthenga wa kompyuta umene chiyambi chake chadyedwa ndi mapeto ake, kayikirani CR musanakayikire china chilichonse.

Kutsimikiza n'kosavuta. Lamulo la `file sunga.sh` limanena kuti `with CRLF line terminators` ngati fayilo ndi ya mtundu wa Windows. Lamulo la `cat -A sunga.sh` limaonetsa `^M$` kumapeto kwa mzere uliwonse, pamene fayilo yabwino imaonetsa `$` yekha. Ngakhale kukula kwa fayilo kumaulula: yathu ija yanenepa ndi mabaiti asanu, imodzi pamzere uliwonse. Kukonza nako ndi mzere umodzi, ndipo lililonse mwa malamulo awiriwa likwanira:

```
dos2unix sunga.sh
sed -i 's/\r$//' sunga.sh
```

Chenjezo ndi lakuti malamulowa ndi a mafayilo a mawu okha. M'chithunzi kapena m'fayilo yopanikizidwa, nambala 13 ndi gawo la zimene zasungidwa, ndipo kuichotsa n'kuwononga fayiloyo.

Nanga bwanji vuto limabwereranso pa fayilo imene inakonzedwa kale? Kawirikawiri chimachititsa ndi Git, pulogalamu imene opanga mapulogalamu amasungiramo ntchito yawo. Pa Windows, Git nthawi zambiri imaikidwa ndi `core.autocrlf` yoyatsidwa, kutanthauza kuti potulutsa mafayilo imasintha LF kukhala CR ndi LF. Sikiripiti imene inali yabwino m'nkhokwe imafika pa kompyuta itasinthidwa, ndipo mwini wake akaikopera yekha ku seva, CR imapita nawo. Nchifukwa chake anzake amati kwa iwo ikuyenda, iye yekha ikumukanira. Mankhwala ake ndi kuika m'nkhokwemo fayilo ya `.gitattributes` yokhala ndi mzere uwu:

```
*.sh text eol=lf
```

Mzerewu umalamula kuti fayilo iliyonse yothera ndi `.sh` izituluka ndi LF yokha pa kompyuta ya aliyense, kaya munthuyo anaika chiyani pa Git yake. Kwa amene sagwiritsa ntchito Git, mapulogalamu olembera monga Notepad++ ndi Visual Studio Code amaonetsa m'munsi mwa zenera ngati fayilo ili ndi CRLF kapena LF, ndipo pomwepo mutha kusintha musanaisunge.